Kulemba malangizo a chithunzi cha tebulo loonedwa kuchokera m'mwamba

Masitolo a pa intaneti ogulitsa zipangizo za mu ofesi amakonda kudzilengeza ndi chithunzi cha tebulo loonedwa kuchokera m'mwamba, pomwe kope, zolembera, laputopu ndi kapu ya khofi zayalidwa, kamera italoza pansi. Mapulogalamu monga Midjourney amapanga chithunzi chotere potsatira mawu amene munthu walemba, ndipo amamva bwino Chingerezi. Chovuta kwambiri pa ntchitoyi ndi kuletsa kamera kupendekeka.

Sitolo yofuna chithunzi chopingasa, chokhala ndi mpata wolembapo mitengo, ingalembe motere:

```
flat lay, top-down view, closed silver laptop, plain blue notebook, two pens, cup of black coffee, white desk, soft light from left, empty space on right --ar 16:9 --no text, logo
```

Mawu oyambirirawo amakhazika kamera m'mwamba. Amaikidwa patsogolo chifukwa pulogalamu imakonda kulabadira kwambiri zimene zatchulidwa koyamba. Komabe zinthu zina zotchulidwa pambuyo pake zimatha kuikokera kamerayo pambali. Laputopu yotsegula ndi imodzi mwa izo: sikirini yake imaima chilili, ndiye pofuna kuionetsa pulogalamu imapendeketsa tebulo lonse, kenaka n'kudzaza mabatani ndi zilembo zosawerengeka. Yotseka ilibe mavuto awiriwa. Khofi wofuka nthunzi amachitanso chimodzimodzi, pakuti nthunzi imaoneka bwino munthu akayang'ana kapu cham'mbali. N'chifukwa chake malangizowa angoti khofi wakuda, osatchula za kutentha kwake.

Kapu yomweyo ndiyo imaulula ngati chithunzi chatuluka bwino. Kamera ikakhaladi m'mwamba, kukamwa kwa kapu kumakhala kozungulira ngati ndalama yachitsulo. Kukaoneka kophwatalala, pamenepo kamera yapendekeka. Mithunzi nayo iyenera kugwera mbali imodzi. Kuwala kwalamulidwa kuchokera kumanzere, choncho cholembera chimene mthunzi wake wagwera kumanzere chalakwika, ndipo chithunzicho chipangidwenso.

Zolembera zatchulidwa ziwiri zokha mwadala. Mapulogalamuwa sawerenga bwino, ndipo zinthu zing'onozing'ono zikachuluka amaziphatikiza, mpaka kutulutsa pensulo yosongoka mbali zonse kapena lumo la zogwirira zitatu.

Kumapeto kuli malamulo awiri a Midjourney. `--ar 16:9` amapereka chithunzi chopingasa, ndipo akasinthidwa kukhala `--ar 1:1` mbali zonse zimafanana. `--no` amachotsa zolemba ndi zizindikiro za makampani, ngakhale nthawi zina timizere tooneka ngati zilembo timatsalirabe pachikuto cha kope. Dzina la sitolo ndi mitengo zimalembedwa pambuyo pake pampata wa kumanja uja.

Kope labuluu la m'chithunzichi kulibe m'sitolo iliyonse. Chithunzi chotere n'choyenera kukongoletsa chikwangwani cholengeza malonda, koma pamene wogula akusankha katundu woti alipire pamafunika chithunzi chenicheni cha katunduyo, chojambulidwa ndi kamera.