Kiyibodi Ikafa, Mausi Imatha Kulemba

Kiyibodi ya laputopu nthawi zambiri siifa yonse tsiku limodzi. Imayamba ndi chilembo chimodzi kapena ziwiri zoyandikana, kenako mzere wonse. Mwiniwake amapirira mpaka tsiku limene chilembo chakufacho chili m'pasiwedi yake. Apo ndiye zavuta, chifukwa kompyuta yayaka bwinobwino, mafayilo onse ali m'kati, koma polowera palibe. Ena amathamangira kwa okonza, osadziwa kuti Windows ili ndi kiyibodi ina yomwe imaoneka pasikirini ndipo mabatani ake amadinidwa ndi mausi. Dzina lake pakompyutapo ndi On-Screen Keyboard, ndipo safuna intaneti kapena pulogalamu yogula.

Tiyambe ndi pamalo polembera pasiwedi pomwepo. Dinani paliponse ndi mausi kuti chithunzi chakumaso chichoke, kenako yang'anani pakona yakumanja m'munsi, pafupi ndi kachizindikiro kozimitsira kompyuta. Pa Windows 11 pali kachithunzi ka munthu wotambasula manja, kotchedwa Accessibility. Pa Windows 10 dzina lake ndi Ease of Access, ndipo pa Windows 7 kamakhala kumanzere. Mukakadina pamabwera mndandanda, ndipo mmenemo musankhe On-Screen Keyboard.

Apa pali pomwe ambiri amakodwa. Kiyibodiyo ikaonekera iwo amayamba kudina zilembo nthawi yomweyo, koma palibe chimene chikulembeka. Chifukwa chake n'chakuti kompyuta sikudziwa kumene zilembozo zikupita. Muyambe mwadina m'kabokosi ka pasiwedi mpaka kamzere kakuphethira kaonekemo, ndiye muzidina zilembo. Lamulo limeneli ndi lomwelo mu Word, mu imelo ndi kwina kulikonse.

Tiyerekeze kuti pasiwedi yanu ndi `Mudzi@47`. Ndi mausi simungagwire mabatani awiri nthawi imodzi, choncho kiyibodi ya pasikirini imakugwirirani. Mukadina `Shift` batanilo limakhala lopanikizika, kudikira chilembo chotsatira. Mukadina `m` palembeka `M` wamkulu, ndipo `Shift` amamasuka yekha. Pitirizani ndi `u`, `d`, `z`, `i`. Pa chizindikiro cha `@` dinaninso `Shift`, koma musathamange. Yang'anani kaye pamene chizindikirocho chaonekera. Kompyuta ikakhala kuti inatcheredwa pa kiyibodi ya ku America, `@` amakhala pa batani la `2`. Ikakhala pa ya ku Britain, batani la `2` limatulutsa `"`, ndipo `@` amakhala kumanja pafupi ndi `Enter`. Ubwino wa kiyibodi ya pasikirini ndi umenewu, kuti imasonyeza zimene kompyuta ilembedi, osati zimene zinadindidwa pa mabatani apulasitiki. Mukamaliza ndi `4` ndi `7`, kadiso kali kumapeto kwa kabokosiko kakuonetsani zomwe mwalemba mukakapanikiza. Ndi bwino kuonetsetsa musanadine `Enter`, popeza makompyuta ena, makamaka a kuntchito, amatseka akaunti munthu akalakwitsa kangapo.

Ngati muli kale m'kati, njira ya mausi yokha ilinso. Pa Windows 11 dinani Start, kenako Settings, Accessibility, Keyboard, n'kuyatsa On-screen keyboard. Pa Windows 10 njira ndi yomweyo, kungoti m'malo mwa Accessibility pamalembedwa Ease of Access. Anthu odziwa makompyuta angakuuzeni kuti ingopanikizani `Windows`, `Ctrl` ndi `O` pamodzi, kapena lembani `osk` pofufuzira. Sakunama, koma malangizo otere ndi a munthu amene mabatani akewo akugwira ntchito. Kiyibodi ikafa yonse, mukhozanso kutsegula File Explorer n'kutsata mafoda ndi mausi mpaka pa fayilo iyi:

```
C:\Windows\System32\osk.exe
```

Ikatseguka, dinani chizindikiro chake pa mzere wa m'munsi ndi batani lakumanja la mausi n'kusankha Pin to taskbar, kuti mawa musadzayendenso mtunda wonsewo.

`Ctrl` ndi `Alt` amagwirika monga `Shift`. Pokopera mawu, asankheni ndi mausi, dinani `Ctrl` kenako `c`. Powamata, `Ctrl` kenako `v`. `Caps` yekha ndi amene samasuka mpaka mutamudinanso. Mabatani a `F1` mpaka `F12` saoneka poyamba, amatulukira pamzere wa manambala mukadina `Fn`. Kiyibodiyo ikabisa zimene mukulemba, ikokereni pambali kapena muichepetse ngati windo ina iliyonse.

Kwa ine phindu lake lalikulu lili pena, pa kuyeza ngati kiyibodi yeniyeniyo yafadi. Pali malaputopu ang'onoang'ono, makamaka akale, omwe alibe mabatani a manambala kumanja. Pa oterewa munthu amatha kulemba `j` koma n'kutuluka `1`, `k` n'kutuluka `2`, `u` n'kutuluka `4`. Kiyibodiyo ilibe vuto lililonse, `NumLock` ndi amene wayaka. Pa kiyibodi ya pasikirini dinani `Options`, ikani chizindikiro pa Turn on numeric key pad, dinani `OK`. Batani la `NumLock` litulukira, ndipo mukalizimitsa zilembo zimabwerera m'malo. Chimodzimodzi mu Excel: mivi ikamasuntha tsamba lonse m'malo mochoka pa kabokosi kupita pa kena, dinani `ScrLk`, batani lomwe malaputopu ambiri a masiku ano alibe.

Imaululanso batani lokanirira. Mukaitsegula n'kupeza `Ctrl` kapena `Shift` ali wosintha mtundu inu musanadine kanthu, mwina batani lenileni lakanirira pansi chifukwa cha fumbi, nyenyeswa za chakudya kapena tiyi wa shuga amene anaumiramo. Vuto lotere kiyibodi ya pasikirini siingalithetse, chifukwa batani lokaniriralo limapitirizabe kutumiza uthenga wake ndipo limasokoneza zimene mukudina. Pa kompyuta ya patebulo ingozulani chingwe cha kiyibodiyo. Pa laputopu pamafunika kuyeretsa, apo ayi wokonza amasule kachingwe ka m'kati. Ndipo ngati madzi kapena tiyi wangotayikira kumene, musataye nthawi kufunafuna kiyibodi ya pasikirini. Zimitsani laputopuyo msangamsanga ndi kuzula chaja, chifukwa chimene chili pangozi tsopano ndi bolodi la m'kati.

Malire ake ena ndi akuti imagwira ntchito pokhapokha Windows itadzuka. Kompyuta ikaima pa sikirini yakuda n'kumapempha kuti mupanikize `F1` kapena `F2`, pamafunika kiyibodi yeniyeni. Palinso nkhani ya maso a anthu. Batani lililonse limene mukudina limaoneka poyera pasikirini, moti munthu amene waima kumbuyo kwanu mu ofesi kapena mu kafe ya intaneti akhoza kuwerenga pasiwedi yanu chilembo ndi chilembo, ngakhale m'kabokosimo mukuoneka timadontho.

Polemba pasiwedi, dzina la fayilo kapena imelo ya mizere itatu, kiyibodi ya pasikirini ndi yokwanira. Lipoti la masamba khumi ayi, dzanja lingatope musanafike pakati. Ngati mwayeza ndipo mwatsimikiza kuti mabataniwo afadi, gulani kapena bwerekani kiyibodi ya USB. Mukangoilumikiza, Windows imaizindikira yokha, ndipo imagwira pa laputopu monga imagwirira pa kompyuta ya patebulo.