Masiku a banki mkhonde amawerengedwa kuyambira kumapeto

Gulu la banki mkhonde likagawana ndalama, msonkhano wotsatira umakhala wa zokonzekera. Mamembala amasankhanso komiti, amagwirizana za mtengo wa sheya, kenaka wapampando amaimirira kuti alengeze masiku okumana m'chaka chatsopanocho. Ambiri amangomvetsera theka, poti mawu oti "tizikumana Lachinayi lililonse masana" amawadziwa kale. Komatu mikangano yambiri ya patsiku logawana imachokera pa zomwe wapampando ananena, kapena anasiya kunena, pa msonkhano umenewu.

Wapampando wodziwa ntchito yake sayambira Januwale. Amayamba ndi tsiku logawana, n'kumabwerera m'mbuyo. Njira yosungira ndalamayi, yomwe bungwe la CARE linayambitsa ku Niger mu 1991, imayenda m'gawo la miyezi 9 mpaka 12, ndipo pofika kumapeto ngongole zonse ziyenera kukhala zitabwerera m'bokosi. Ndiye tsiku logawana likadziwika, funso lotsatira n'lakuti: ngongole yomaliza ituluke liti?

Titengere chitsanzo gulu la anthu 20 lomwe lasankha kugawana sabata yoyamba ya Disembala, ndipo ngongole zake zimabwezedwa pa miyezi itatu. Wapampando wake angalankhule motere: "Amayi ndi abambo, ngongole ya miyezi itatu yomaliza tidzapereka kumapeto kwa Ogasiti. Wotenga mu Seputembala adzabweza pa miyezi iwiri, wa kumayambiriro kwa Okutobala mwezi umodzi basi. Novembala yense bokosi lizidzangolandira. Msonkhano womaliza wa Novembala tidzawerenga mabuku onse ndi kuthetsa madandaulo, kuti tsiku logawana pasadzakhale mlandu."

Kulengeza izi mu Januwale n'kwanzeru chifukwa nthawiyo palibe amene akudziwa kuti mu Okutobala adzapanikizika ndani. Lamulolo limalandiridwa opanda wolozedwa chala. Wapampando akadikira mpaka Okutobala, pamene anthu akusaka ndalama za feteleza ndi mbewu, kukaniza munthu ngongole kumaoneka ngati chidani, ndipo komiti yambiri imagonja. Imapereka.

Zotsatira zake zimaoneka pa masamu. Tinene kuti gulu lija lagula masheya 3,000 chaka chonse pa K1,000 imodzi, ndipo pophatikiza chiwongoladzanja ndi zindapusa m'bokosi muyenera kukhala K4,200,000. Kugawa ndalamazi ndi masheya 3,000, sheya iliyonse ibweza K1,400. Koma ngati K300,000 idakali kunja m'manja mwa omwe anakongola mochedwa, zotsala ndi K3,900,000, ndipo sheya igwera pa K1,300. Mayi yemwe anasunga masheya 200 apita kwawo ndi K260,000 m'malo mwa K280,000, chonsecho iye sanakongole kanthu. Gulu lingathe kudula masheya a wangongoleyo, inde, koma poti magulu ambiri amalola munthu kukongola mpaka katatu pa zomwe wasunga, masheya akewo nthawi zina sakwanira kutseka dzenjelo.

Tsiku logawanalo nalonso lisamangotengedwa mwachizolowezi. Disembala amakondedwa chifukwa cha Khirisimasi ndi fizi ya mu Januwale. Koma kwa gulu la alimi, ndalama za mu Disembala zimafika mvula itagwa kale ndipo ena atabzala opanda feteleza. Kwa oterowo ndimaona kuti kugawana mu Okutobala kumathandiza koposa, ngakhale zikutanthauza kuti ngongole yomaliza ya miyezi itatu ituluke kumayambiriro kwa Julayi. Wapampando ayenera kuika nkhaniyi pamaso pa gulu kuti livote, asangolengeza zomwe wakonda iye.

Masiku enawo savuta kwenikweni. Tsiku lokumana lisagundane ndi tsiku la msika kapena la mapemphero, ndipo m'dzinja nthawi isunthire masana kuti anthu ayambe abwera kumunda. Mu Januwale ndi Febuluwale, chakudya chikachepa m'makomo, masheya amagulidwa pang'ono pamene ofuna ngongole ndi ambiri, choncho ndi bwino kuneneratu kuti m'miyezi imeneyo bokosi silingakwanire aliyense.

Chomwe chimaiwalika kawirikawiri ndi maliro. Zovuta zikagwa m'mudzi palibe amene angatsegule bokosi, ndipo wapampando akapanda kunena kuti msonkhano wolephereka uzichitika liti, wangongole amapeza pothawira: tsiku lake lobweza linadutsa popanda msonkhano. Chiganizo chimodzi chimakwanira, chonena kuti msonkhano wotero uzichitika Lachinayi lotsatira ndipo zonse zobweza zizisamukira pa tsikulo. Izi zikhudzenso osunga makiyi, chifukwa bokosi la maloko atatu silitseguka mmodzi wa iwo akasowa.

Akamaliza kulankhula, mlembi alembe masiku onsewo m'buku la gulu ndi kuwawerenganso mokweza, kuti amene sadziwa kuwerenga amve ndi makutu awo tsiku lomwe ngongole idzatsekedwe.