Mphindi 20 zoyambirira za maphunziro

Aliyense amene anakhalako pa maphunziro a masiku atatu, amene ambiri timangowatchula kuti wekishopu, amaudziwa m'mawa wa tsiku loyamba. Pemphero latha, anthu alembetsa mayina, wina akumata zipepala zikuluzikulu pakhoma. Kenako wokonza maphunzirowo amaimirira nati: "Ndisataye nthawi." Ola limatha asanakhale pansi. Akamakhala, amfumu alemekezedwa katatu, mbiri ya bungwe yanenedwa yonse, koma m'chipindamo palibe akudziwa kuti aweruka nthawi yanji, kapena kuti mayi amene wakhala pambali ndi zolembera zakeyo ndi ndani.

Ntchito ya mawu otsegulira ndi yaing'ono ndipo ndi yodziwika: anthu amudziwe wowaphunzitsa, adziwe chimene atuluke nacho, anene chimene abwerera, ndipo agwirizane za kakhalidwe ka m'chipindamo. Mphindi 20 n'zokwanira.

Tiyerekeze ndi maphunziro a alembi 24 a magulu a banki m'khonde, kuyambira Lolemba mpaka Lachitatu, m'kalasi ya sukulu ya pulayimale nthawi ya tchuthi. Njira yosungira ndalamayi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo pano yafika m'midzi yambiri ya kwathu kuno. Alembiwa si alendo pa nkhaniyi. Ena agwira kaundula wa gulu zaka zisanu, ndipo anaonapo ubale ukutha pa tsiku logawana ndalama. Wotsegulira akaiwala zimenezi n'kumawayankhula ngati ana a sitandade 1, wawataya asanayambe.

Ulemu uyambe, inde. Ngati a gulupu kapena mlangizi wa m'deralo alipo, atchulidwe kamodzi, ndi udindo wawo woyenera. Zikatero, wophunzitsa.

Apa m'pamene ambiri amapsetsa ndiwo. Amawerenga madigiri onse a munthu, mayiko amene anapitako, n'kumaliza ndi mawu akuti "palibe chimene sadziwa." Zotsatira zake, ophunzira amachita manyazi kufunsa, poopa kuoneka mbuli pamaso pa katswiri wotere, ena amakhala tcheru kudikira pamene alakwitse. Chofunika n'chakuti anthu amve chifukwa chake munthu uyu, osati wina, ndiye waima kutsogolo. Zinthu zitatu zikwana: dzina limene iye akufuna kuitanidwa nalo, ntchito yake, ndi chimene anachitapo chokhudza nkhani ya lero. "Mayi awa akhala akuyendera magulu a banki m'khonde, ndipo akhalapo pa kugawana kwa magulu ambiri, kuphatikizapo kumene kunavuta" ndi mawu olemera kuposa mndandanda wa mapepala a kusukulu. Zonsezi mufunseni mwini wake dzulo lake. Kuli amayi amene amafuna kuitanidwa ndi mfunda wawo, ena dzina la amuna awo, ena dzina lawo loyamba, ndipo kuphonya pamenepa pagulu kumawawa.

Zolinga ndiye mtima wa mawu otsegulira, ndipo n'zimene zimanenedwa mwaulesi kwambiri. "Kukulitsa luso la alembi pa kayendetsedwe ka chuma" ndi chiganizo cholembera amene apereka ndalama za maphunziro. Mlembi wochokera kumudzi sangachigwire. Cholinga chabwino chimatchula chimene munthu adzathe kuchita ndi manja ake, moti wina angathe kuona ngati wathadi. Mwachitsanzo: "Pofika Lachitatu masana, aliyense wa inu adzathe kuwerengera yekha ndalama zimene membala alandire pogawana."

Wotsegulira wanzeru amaonetsa pang'ono kukoma kwake. Gulu lagula masheya 1,200 m'chaka, sheya imodzi pa K500. Ngongole zonse zabwezedwa ndi chiwongoladzanja, zindapusa zalowa, ndipo m'bokosi muli K780,000. Mukagawa ndalamazo ndi chiwerengero cha masheya, sheya imodzi yakwera kufika pa K650, kotero mayi wa masheya 40 alandira K26,000. Akangonena kuti "masamu awa ndi amene mudzachite nokha Lachitatu," mitu imadzuka, chifukwa aliyense akukumbukira mkangano wa chaka chatha. Zolinga zotere zisapitirire zitatu kapena zinayi, ndipo zilembedwe pakhoma kuti tsiku lomaliza anthu adzazibwerere n'kuona ngati zatheka.

Tsopano nkhani imene okonza ambiri amaizemba: alawansi. Mukagawa timapepala kuti aliyense alembe chimene akuyembekezera, ambiri alemba "kuphunzira zambiri," chifukwa ndi yankho laulemu. Koma mumtima muli mafunso ena. Kodi ndalama yoyendera ibwezedwa? Zingati, ndipo liti? Nkhomaliro ilipo? Satifiketi bwanji? Munthu amene wakwera kabaza ndi ndalama yobwereka, wasiya munda ndi ana, sakulakwa kufunsa. Ine ndimaona kuti wotsegulira ayenera kuyankha asanafunsidwe, ndi manambala: yoyendera ndi yakuti, iperekedwa tsiku lakuti, kwa amene wakhalapo masiku onse ndi kusayina. Ngati palibe, anene kuti palibe. Wophunzitsa asasenzetsedwe katunduyu, chifukwa thumba sali nalo ndi iye. Mukafuna kudziwa kuti nkhaniyi sinamveke, yang'anani nthawi ya tiyi: anthu aunjikana pa amene wagwira pepala losayinira, ndipo masana manong'onong'o achuluka kuposa mafunso.

Ziyembekezo zina zimakhala zoona koma zosatheka. Wina alemba kuti akufuna bungwe liwonjezere ndalama m'bokosi la gulu lawo, pamene banki m'khonde imayendera ndalama za mamembala okha. Amuyankhe pomwepo, mwaulemu, kuti izi sizili m'maphunzirowa. Kungoti "tiona" ndi ngongole imene idzafunsidwa Lachitatu. Ndipo poti si onse amamasuka ndi cholembera, mpata wonena pakamwa ukhalepo.

Malamulo a m'chipinda achokere kwa ophunzira. Amatuluka okha: mafoni asalire, tisunge nthawi, wina akamayankhula timvetsere. Wotsegulira angowonjezera amene anthu sangawatchule okha. Loyamba, chinsinsi: alembi adzapereka zitsanzo za mamembala osabweza ngongole, ndiye mayina asatchulidwe, ndipo zomveka muno zisakafike pachitsime. Lachiwiri, chiyankhulo: aliyense ayankhule chimene amamasuka nacho, kaya Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka, wina amasulire. Lachitatu, mpata wa amayi. M'magulu ambiri amayi ndiwo ochuluka, koma m'kalasi abambo atatu akhoza kudya tsiku lonse. Komanso pamene amfumu akhala kutsogolo, anthu sawatsutsa. N'chifukwa chake kumathandiza kuwapempha mwaulemu kuti atsegulire, adalitse, kenako apite ku ntchito zawo.

Pali chizolowezi chakuti wochedwa avine kapena aimbe pamaso pa onse. Achinyamata amasangalala nacho. Koma agogo amene achedwa chifukwa chowoloka mtsinje wodzaza sangavine pamaso pa mkamwini wawo, ndipo mawa lake sabweranso. Bwino kusankha wosunga nthawi mmodzi pakati pa ophunzira, n'kugwirizana kuti 8 koloko ikakwana phunziro liyamba ndi amene alipo. Malamulo asanu kapena asanu ndi limodzi akwana. Akafika 15 amangokongoletsa khoma.

Chotsala n'kunena kumene kuli chimbudzi ndi madzi akumwa, nthawi ya nkhomaliro ndi yowerukira, kuti akutali afike kwawo kusanade. Akatero wotsegulira aitane wophunzitsa ndi dzina lake, ampatse cholembera, akakhale kumbuyo. Foni yake iyambe ndiyo kuzimitsidwa, anthu akuona.