Funsani kaye kasitomala musanauze makina chojambula

"Achimwene, ndipangireni chithunzi chabwino cha chakudya, chokopa anthu." Umu ndi mmene makasitomala ambiri amaperekera ntchito kwa opanga maposita. Ena mwa opangawo masiku ano amangolemba malangizo m'mapulogalamu monga Midjourney, chithunzi n'kutuluka. Vuto lake n'lakuti chilichonse chimene simunatchule, makinawa amadzazamo okha potengera zithunzi zimene anaphunzirirapo, ndipo zambiri mwa izo ndi za kunja. Mukalemba "chakudya chabwino" basi, musadabwe kuona baga ndi tchipisi.

Tiyerekeze kuti mawu aja anenedwa ndi mayi wa malo odyera pafupi ndi depoti ya basi. Funso loyamba si la mitundu ayi, koma lakuti: "Mayi, chithunzichi mukachiika pati?" Akati pakhoma, papepala la A3, ndiye kuti chikhale choimirira, pakuti pepalalo ndi masentimita 29.7 m'lifupi ndi 42 m'litali. Akati ndi cha pa sitetasi ya WhatsApp, chiyenera kukhala chowonda koposa, pa muyeso wa 9:16. Midjourney mukapanda kuiuza muyeso imatulutsa chithunzi chofanana mbali zonse, ndipo pochidula kuti chikwane papepala mumadula mutu wa nsomba kapena theka la mbale.

Kenako funsani chimene amagulitsa kwambiri. Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa mayiyo ayamba kutchula zonse: nkhuku, nyemba, mpunga, tiyi wam'mawa. Munthu wotsika basi amayang'ana posita mothamanga, choncho pakufunika mbale imodzi. "Pa zonsezi, anthu amabwerera chiti?" Akayankha kuti nsima ya chambo, musaimire pomwepo. Chambocho n'chootcha kapena chokazinga? N'chathunthu kapena chong'amba? Mitanda ingati? Pambali pali mpiru kapena nkhwani wotendera? Mayi angaseke kuti mukufunsa ngati apolisi, koma yankho lililonse likutseka mpata umene makina akanalowetsamo zawo.

Nsima imafuna chisamaliro chapadera. Makinawa saidziwa bwino ndi dzina lokha, moti kawirikawiri amatulutsa chinthu chooneka ngati mpunga kapena mbatata yopondaponda. Njira yake ndi kufotokoza maonekedwe: yoyera, yosalala, yolimba, youmbidwa m'mitanda. Chambonso muchitchule kuti ndi mtundu wa tilapiya, dzina limene makina akulizindikira.

Funso limene ambiri amaiwala ndi la zimene kasitomala sakufuna. Munthu amavutika kunena chimene chili m'mutu mwake, koma chimene amadana nacho amachitchula msanga. Mayi wathuyu anganene kuti safuna mafoloko ndi mipeni, poti nsima idyedwa ndi manja, ndiponso safuna zooneka ngati hotela yodula, kuopa kuti anthu angamalambalale poganiza kuti sangakwanitse mtengo. Yankho limeneli ndi limene likusankha mbale wamba ndi tebulo lathabwa. Pomaliza, funsani mawu amene akufuna pa posita, kuti muwasiyire malo.

Musanakhudze kompyuta, awerengereni zimene mwamva: "Ndiye kuti mitanda iwiri ya nsima, chambo chootcha chathunthu, mpiru pambali, tebulo lathabwa, kuwala kwa masana, popanda munthu, kumwamba kopanda kanthu kuti tilembepo dzina. Ndi choncho, mayi?" Akavomera, lembani. Mapulogalamu ambiri amamva bwino Chingelezi, ndipo mu Midjourney malangizowo angakhale otere:

```
food photo, two smooth white oval mounds of stiff maize porridge, whole grilled tilapia, cooked mustard greens, plain plate, wooden table, daylight, empty space at top --ar 5:7 --no fork, knife, rice, text
```

Chizindikiro cha `--ar 5:7` chikupereka muyeso woyandikira kwambiri wa A3, pomwe `--no` akuchotsa zija mayi anakana.

Chithunzi chikatuluka, chiyerekezeni ndi mayankho aja, osati ndi kukongola kwake. Ngati nsima ikuoneka ndi timbewu, wonjezerani mawu onena za kusalala. Ngati nsomba yatuluka yofiira ngati za kunyanja zamchere, konzani mawu a nsomba okha. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, apo ayi simudziwa chimene chakonza kapena chawononga. Dzina la malowo, mitengo ndi nambala ya foni musazisiye m'manja mwa makina, chifukwa amatha kusokoneza zilembo, makamaka za Chichewa. Zimenezo mukalembe nokha mu Canva kapena Photoshop, ndipo mayi aziwerenge asanapite nazo kosindikiza.