Uthenga wa ntchito uzitipeza pa imelo

Ambiri timamva za mwayi wa ntchito tsiku lotsekera litadutsa kale. Google Alerts ikhoza kumatifufuzira usana ndi usiku, kwaulere.

Tiyerekeze kuti tikumaliza maphunziro a za labotale. Titsegule google.com/alerts, ndipo m'bokosi lofufuzira tilembe motere:

```
"laboratory technician" vacancy Malawi
```

Zizindikiro za " " zimauza Google kuti ipeze mawu awiriwo ali pamodzi. Tikazisiya, tidzalandira nkhani zambiri zosatikhudza.

Kenako tidine Show options. Pa How often tisankhe As-it-happens, chifukwa njira zinazo zimasunga uthenga mpaka tsiku kapena sabata lithe. Pa How many tisankhe All results, kuti zina zisasefedwe. Tikadina Create Alert, basi tamaliza.

Pakapita sabata osalandira kanthu, tisuzumire mu Spam. Ngati mulibenso, mwina mawu athu apanikiza kwambiri, tichotse vacancy.

Komabe Google imangoona zimene zaikidwa poyera pa intaneti. Zolengeza za m'magulu a WhatsApp ndi zomatidwa pabolodi la chipatala siziona, choncho kumeneko tiziyang'anabe tokha.