Thanki ili kumudzi, lipoti lili pafoni: kutumiza miyezo netiweki ikamavuta

Tiyerekeze kuti mudzi wina uli ndi pampu ya sola yomwe imadzaza thanki ya madzi, ndipo amene amakonza pampuyo amakhala kuboma, ulendo wa maola awiri panjinga yamoto. Iye amafuna kudziwa chinthu chimodzi tsiku lililonse: kodi madzi akulowa muthanki? Akangoona kuti kwa masiku awiri madzi sakukwera ngakhale kukuwala dzuwa, amadziwa kuti pampu yayamba kudwala, ndipo akhoza kunyamuka anthu asanabwerere kukatunga kudambo.

Zipangizo zogwirira ntchito imeneyi zimakwana m'kabokosi kamodzi. Pali sensa, kachipangizo koyeza. Pali kakompyuta kakang'ono kokwana pachikhatho, komwe ambiri amagwiritsa ntchito ndi ka ESP32. Pali modemu yolowa simukhadi, monga SIM800L, yomwe imalankhula ndi nsanja ya foni. Kutali uko kuli seva, kompyuta yolandira ndi kusunga malipoti. Kulumikiza zinayi pathebulo m'tauni n'kosavuta, ndipo tsiku lomwelo manambala amayamba kuoneka. Mayeso enieni amayambira kumudzi, komwe netiweki imabwera ndi kupita mmene yafunira. Mfundo yanga ndi yakuti chipangizo chabwino chimayamba chalemba muyezo, kenako n'kutumiza, ndipo sichifufuta kanthu mpaka seva itavomera kuti yalandira.

Tiyambe ndi kuyeza komweko. Sensa yotchedwa JSN-SR04T imamangidwa pachivundikiro cha thanki itayang'ana pansi. Imatulutsa kaphokoso komwe khutu la munthu silimva, kaphokosoko kamagunda pamadzi n'kubwerera, ndipo kakompyuta kamawerenga nthawi yomwe ulendowo watenga. Popeza phokoso limayenda mumpweya pafupifupi mamita 343 pa sekondi, nthawi ija imasanduka mtunda. Imawerengedwa m'mamaikolosekondi, ndiko kuti sekondi imodzi yogawidwa kamiliyoni, ndipo mukaigawa ndi 58 mumapeza masentimita. Tinene kuti sensa ili masentimita 200 kuchokera pansi pa thanki, ndipo phokoso labwerera patatha mamaikolosekondi 4,640. Kugawa ndi 58 kukutipatsa 80. Ndiye kuti pakati pa sensa ndi madzi pali masentimita 80, ndipo madziwo ndi akuya masentimita 120.

Koma muyezo umodzi si wodalirika. Madzi akamalowa amachita mafunde, nthunzi imapanga madontho pankhope ya sensa, nthawi zina phokoso limagunda paipi. Mukayeza kasanu motsatizana mukhoza kupeza 80, 81, 80, 23 ndi 79. Aliyense akuona kuti 23 uja ndi wabodza. Mukawonkhetsa onse n'kugawa ndi 5, monga tidaphunzirira kusukulu, mupeza pafupifupi 69, nambala yomwe ikunama kuti thanki ili ndi madzi ochuluka kuposa omwe alimo. Njira yabwino ndi kuwandandalika kuyambira wamng'ono, 23, 79, 80, 80, 81, n'kutenga wapakati, yemwe ndi 80. Wabodza uja amakankhidwira kumapeto ndipo sakhudza yankho. Dziwaninso kuti sensa imeneyi siona bwino chinthu chomwe chili pafupi kuposa masentimita 20 kapena 25, choncho iyenera kukwezedwa kuti thanki ikadzaza madzi asafike m'dera limeneli.

Muyezo ukapezeka, usathamangire pamlengalenga. Ulembedwe kaye m'memole ya ESP32 yomwe siiwala ngakhale magetsi atazima, ngati mzere umodzi waufupi:

```
T3,1842,1718000100,120
T3,1843,1718001000,123
```

`T3` ndi dzina la thanki. Nambala yachiwiri ndi yotsatana, imakwera ndi imodzi pa muyezo uliwonse ndipo sibwerezedwa. Yachitatu ndi nthawi, yowerengedwa m'masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970 monga makompyuta amachitira. 1718000100 ndi 8:15 m'mawa wa pa 10 Juni 2024 pa nthawi ya ku Malawi. Yomaliza ndi kuya kwa madzi. Nthawi iyenera kulembedwa pomwe muyezo watengedwa, chifukwa mzerewu ukhoza kufika ku seva patapita masiku atatu, ndipo seva ikaika nthawi yake, miyezo ya masiku atatu idzaoneka ngati idatengedwa mphindi imodzi. N'chifukwa chake m'kabokosi mumafunika kawotchi kokhala ndi batire lakelake, monga DS3231.

Ena amaopa kuti kusunga chilichonse kudzaza memole. Tiwerenge. Kuyeza mphindi 15 zilizonse kumatulutsa mizere 96 patsiku, ndipo mzere umodzi sufika zilembo 30. Patsiku sizikwana zilembo 3,000. Netiweki itasowa sabata yathunthu, mizere yodikira ndi 672, zomwe ndi zochepa kuposa chithunzi chimodzi cha pafoni. Malo si vuto.

Tsopano pofika potumiza. Modemu imalamulidwa ndi timawu tachidule, ndipo isanayesere kutumiza, kakompyuta kamayamba kaifunsa mafunso awiri:

```
AT+CREG?
+CREG: 0,1
AT+CSQ
+CSQ: 8,0
```

Funso loyamba ndi lakuti, kodi nsanja yakulandira? Nambala yomaliza ikakhala 1 kapena 5, zili bwino. 2 ndiye kuti ikufufuzabe, 3 ndiye kuti yakanidwa, ndipo pamenepo muyambe mwaona simukhadi. Funso lachiwiri ndi la mphamvu ya netiweki, yomwe imayezedwa kuyambira 0 mpaka 31, pomwe 99 amatanthauza kuti modemu sikudziwa. Pansi pa 10 netiweki ndi yofooka. Ndi 8 wathuyu uthenga waufupi ukhoza kudutsa, wautali udzadukira panjira. Choncho mizere yodikira itumizidwe m'timagulu, mwina 20 pakamodzi, kuyambira yakale. Kutumiza umodziumodzi n'kuwononga, popeza kulumikizana kokha ndi seva kumadya deta ndi batire kuposa mzere weniweniwo.

Apa ndiye pagona nkhani. Chipangizo chatumiza mizere 1842 mpaka 1861, kenako zii, yankho silinabwere. Chachitika n'chiyani? Mwina uthenga sudafike. Mwinanso udafika bwinobwino, seva idausunga, koma yankho lake ndi lomwe latayika pobwerera. Chipangizo chilibe njira yosiyanitsira ziwirizi. Aliyense amene adatumizapo ndalama pafoni netiweki n'kudula asanalandire uthenga wotsimikiza akudziwa nkhawa yake: ukasiya, mwina sizidapite, ukatumizanso, mwina walipira kawiri.

Nambala yotsatana ija ndi imene imathetsa nkhawayi. Chipangizo chikapanda kumva yankho, chimatumizanso mosakayika, ndipo ntchito yokana zobwereza imasiyidwa kwa seva. M'nkhokwe ya SQLite, yomwe imakwanira bwino pa seva yaing'ono, lamulo lake ndi lalifupi:

```sql
CREATE TABLE miyezo (thanki TEXT, nambala INTEGER,
  nthawi INTEGER, kuya INTEGER,
  PRIMARY KEY (thanki, nambala));
INSERT OR IGNORE INTO miyezo VALUES ('T3',1842,1718000100,120);
```

Mzere wa `T3` wa nambala 1842 ukafika kachiwiri, nkhokwe imaunyalanyaza mwakachetechete. Seva ikatha kusunga imayankha `OK 1861`, kutanthauza kuti zonse mpaka 1861 zili m'manja mwake, ndipo pamenepo m'pamene chipangizo chimafufuta mizere ija. Yankho liyenera kutchula nambala. Modemu nayonso imanena `OK` ikangolandira lamulo, ndipo amisiri ambiri oyamba kumene amatenga `OK` ameneyu ngati umboni wakuti uthenga wafika. Zotsatira zake ndi mipata m'malipoti yomwe palibe angaibwezeretse. Amene amagwiritsa ntchito MQTT m'malo mwa HTTP asaganize kuti apulumuka: pa `QoS 1` uthenga umalonjezedwa kufika kamodzi kapena kuposerapo, choncho kubwereza kulipobe ndipo nambala ikufunikabe.

Nambalazi zimathandizanso pofufuza vuto. Malipoti akasiya kwa tsiku limodzi kenako n'kubwera onse manambala ali otsatana, idali netiweki chabe. Manambala akakhala otsatana koma nthawi yadumpha maola khumi, chipangizo chidazima, ndipo muone batire ndi sola. Manambala akadumpha, mizere idafufutidwa isanafike, ndipo cholakwika chili m'pulogalamu.

Kutumiza kukakanika, chipangizo chisaumirire. Chidikire mphindi imodzi, kenako ziwiri, zinayi, zisanu ndi zitatu, mpaka ola limodzi, modemu itazimitsidwa pakati pake, kuyeza kukupitirira monga mwa nthawi zonse. Modemu yofunafuna nsanja yomwe yazima imamaliza batire usiku umodzi, ndiye netiweki ikabwera m'mawa imapeza chipangizo chitafa. Nyengo ya mvula zimenezi zimakumana: mitambo imachepetsa mphamvu ya sola pa nthawi yomweyo imene netiweki ikuvuta.

Pali vuto lina lomwe limanamiziridwa netiweki pomwe gwero lake ndi magetsi. SIM800L imafuna pakati pa 3.4V ndi 4.4V, ndipo potumiza imakoka mpaka 2A mwa kamphindi kochepa kwambiri. Netiweki ikafooka m'pamene imakoka kwambiri, chifukwa imayenera kukuwa kuti nsanja imve. Ikamadyera pa phini ya 3.3V ya ESP32, kapena pa mawaya aatali owonda, mphamvu imagwa ndipo modemu imazima n'kuyambiranso. Chizindikiro chake n'chodziwika: kanyali kake kamaphethira sekondi iliyonse kufunafuna nsanja, kamayamba kuphethira patalipatali ngati kaipeza, kenako pongoyesa kutumiza kamabwerera poyambira. Mankhwala ake ndi batire la lifiyamu la 18650 lolumikizidwa ndi mawaya aafupi okhuthala, ndi kapasita wamkulu, wa 1000µF kapena kuposa, pafupi penipeni ndi modemu. Mlongoti nawo utuluke m'bokosi ngati bokosilo ndi lachitsulo, ukwezedwe pamwamba. Kungousuntha mita imodzi kukhoza kusintha yankho la `AT+CSQ`.

Zina ndi zing'onozing'ono koma zimagwetsa ntchito yonse. Bandulo ya deta imatha tsiku lake likakwana ngakhale simunaigwiritse ntchito, ndiye pakhale munthu wodziwika amene amaigula. SIM800L imagwira 2G yokha, ndipo mayiko ena adayamba kale kuzimitsa 2G, choncho funsani kaye kampani ya foni musanagule zambiri. Pomaliza, modemu imatha kuuma osayankha kanthu; pulogalamu isaidikire mpaka kalekale, koma ipatse malire a nthawi, ikapitirira iizimitse n'kuiyatsanso.

Inu amene mukupanga chipangizo chotere, kapena amene mukulipira mmisiri kuti akupangireni, musachitengere kumudzi musanachiyese motere. Chotsani simukhadi masiku atatu chikuyezabe. Pakati pa masikuwo, zimitsani batire kamodzi n'kuliyatsanso. Mukabwezera simukhadi, dulani magetsi a modemu ili mkati motumiza, kenako muisiye imalize. Mukatero tsegulani nkhokwe ya pa seva muwerenge manambala. Ngati pali umodzi wosowa kapena wolembedwa kawiri, chipangizocho chisachoke pathebulo.