Nazale Imodzi, Ana Anayi

Masiku ano aphunzitsi akonda kupatsa ana ntchito m'magulu, monga alangiza mabuku okonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Ntchito yotere ikapanda kugawidwa bwino ibala ndewu, ndipo ndewuyo isefukira m'mabanja. Ndikuuzani zimene ndidaona pakhomo panga kuno ku Naisi.

Mwana wanga wamkazi, ali mu Sitandade 7, adapatsidwa pamodzi ndi anzake atatu nazale ya tomato kuti aisamale masiku 28, kufikira mbande zitakula zoti n'kuwokera. Udali mwezi wa Okutobala, dzuwa lili ng'aa. Anawo adagawana motere: wina alime bedi, wina afese, wina aphimbire udzu, ndipo kuthirira, ati, "tizithirira tonse." Pamenepo ndipo adalakwa, pakuti ntchito ya tonse ilibe mwini. Pofika tsiku lachisanu ndi chitatu mbande zidayamba kufota, ndipo mwana wanga adabwera akulira, nanena kuti akusenza yekha ndowa, ndi kuti mnyamata wina sadagwireko ndi tsiku limodzi lomwe.

Ndidawaitana anayi onsewo pakhonde, ndipo tidayamba ndi kuwerenga ntchito, osati kuweruza munthu. Kulima bedi ndi ntchito ya tsiku limodzi, kufesa sikutha ngakhale ola. Koma kuthirira m'mawa ndi madzulo masiku 28 ndiko kuthirira ka 56. Tsono iye amene adalima bedi nayesa kuti wamaliza gawo lake adadzinyenga. Kugawa kolungama sikuwerenga maina a ntchito ayi, koma kulemera kwake. Ka 56 kugawira anthu anayi, aliyense akadayenera kuthirira ka 14 kuyambira tsiku loyamba.

Masiku otsala adali 20, ndiko kuthirira ka 40, aliyense ka 10. Tidalemba mizere papepala: tsiku, m'mawa kapena madzulo, ndi dzina la mwini wake. Wothirira aike chizindikiro, ndipo wobwera pambuyo pake apise chala m'dothi. Akapeza louma adziwa kuti mnzake sadafike, chinkana chizindikiro chilipo. Loweruka ndi Lamulungu adatenga awiri okhala pafupi ndi sukulu.

Nanga mnyamata uja? Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndidauza mwana wanga kuti akamfunse ali awiri, osati pamaso pa kalasi, pakuti mwana wochititsidwa manyazi aumitsa mtima. Ndipo adamfunsa kuti, "Iwe, chikukuvuta n'chiyani m'mawa?" Pamenepo zidadziwika kuti m'bandakucha uliwonse amasenzako ndiwo zamasamba kuperekeza amake pa njira ya ku msika wa Zomba, nafika kusukulu belu litalira kale. Madzulo sankathirira chifukwa anzake adali atamutcha kale mlesi. Adampatsa madzulo 10 a masiku a sukulu, osamchepetsera ngakhale kamodzi, pakuti kumchepetsera kukadabala dandaulo lina. Chimene chidasintha ndi nthawi yokha.

Komatu si onse ali ndi chifukwa chomveka. Alipo mwana amene angofuna malikisi pa thukuta la anzake. Mudzamzindikira potere: mwamsinthira nthawi, iye wavomera, ndipo aphonyabe kawiri motsatana popanda kutuma mawu. Wotereyo apite kwa iye anzake awiri, pepala lili m'manja, namuuze tsiku limene akanene kwa aphunzitsi akapanda kusintha. Tsikulo likakwana apite ndithu, ntchito idakali pakati, pakuti dandaulo lofika tsiku lopereka malikisi lioneka ngati nsanje. Ndipo anene zolembedwa zokha, kuti, "Aphunzitsi, Lachiwiri ndi Lachinayi madzulo bedi silidathiriridwe." Mawu akuti "ndi waulesi" awasiye. Kumchotsa m'gulu kapena kumchepetsera malikisi ndi mphamvu ya aphunzitsi, si ya ana. Podikira chiweruzo, nthawi zake azigawane, kuti mbande zisafere mlandu wa munthu.

Inunso makolo, chenjerani pa ziwiri. Musauze mwana wanu wakhama kuti angogwira yekha zonse, pakuti potero aphunzitsa anzake kumtsamira chaka chathunthu. Ndiponso musathamangire kukazazira makolo a mwana winayo musanamve mbali yake. Ine ndemwe ndidatsala pang'ono kutero, ndipo ndikadanyoza mayi wovutika pachabe.

Mbande zina zidafa m'masiku oyamba aja, koma zotsala adaziwokera pa nthawi yake. Mwana wanu akabwera ndi ntchito ya gulu mwezi uno, mfunseni zitatu: gawo lako ndi liti, ulimaliza tsiku lanji, ndipo anzako adzadziwa bwanji kuti wagwiradi?